Chimera cha Agogo aNambewe

Unali mwezi wa Juni, ndipo ku Bembeke kunkazizira mpaka zala kuuma gwa. Tadala anapeza agogo ake aNambewe akuviika chimanga mumphika.

"Agogo, mukufuna kuphika chimangachi?"

"Iyayi mdzukulu wanga, ndikufuna chimera cha thobwa. Chimangachi chimere kaye."

"Kumera popanda dothi? Nanga cha m'nkhokwe chija bwanji sichimera?"

Agogo anangomwetulira. M'mawa mwake anatapa chimanga chouma cha m'nkhokwe n'kuchiika m'chipande. Choviika chija anachigawa patatu. China anachisiya chomira m'madzi, m'chitini. China anachikulunga m'kansanza konyowa n'kukachiika kuseri kwa nyumba, pamthunzi pomwe pamawomba mphepo yochokera kuphiri. Chotsalacho anachitsanula madzi, n'kuchifunditsa chiguduli chonyowa m'khitchini, chapafupi ndi mafuwa.

"Ntchito yako ndi kuwaza timadzi pakansanza ndi pachiguduli tsiku lililonse," anatero agogo. "Kuwaza, osati kukhuthula!"

Tadala sankachedwa kusuzumira. Tsiku loyamba, zii. Lachiwiri, ziinso. Atatha masiku 5, agogo anamuitana.

Cha m'chipande chinali chimodzimodzi, cholimba ngati timiyala.

"Ichi chikadali m'tulo," anatero agogo. "M'kati mwa njere iliyonse muli kamwana kogona, kali ndi kamba wake, ufa womwe uja timasinja. Madzi ndiwo amafewetsa khungu n'kukadzutsa kuti kayambe kudya."

"Ndiye cha m'chitini chamera kwambiri, poti chamwa madzi ambiri!" Tadala anathamanga kukavundukula. Nthawi yomweyo anagwira mphuno. "Aaa, agogo, chikununkha!"

Agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe ukamasamba kudambo, ungakhale pansi pa madzi mpaka liti?"

"Pang'ono pokha. Ndimafuna kupuma."

"Njerenso imapuma, ngakhale ilibe mphuno. Iyi yabanika. N'chifukwa chake timakweza mizere, kuti madzi akadikha m'munda mbewu zisaole."

Kuseri kwa nyumba anapeza chimanga chitafufuma, koma njere ziwiri zokha ndizo zinali zitatulutsa kansonga.

"Madzi chamwa, mpweya ulipo. Chasowa chiyani?" anafunsa agogo.

Tadala anakhudza kansanza kaja, kozizira ngati mtsuko wa m'mamawa. Anakumbukira mmene iye amakanira kutuluka m'bulangete tambala akalira.

"Chikumva chisanu!"

"Eya. Tiye kukhitchini."

Agogo atachotsa chiguduli, Tadala anakuwa. Njere iliyonse inali ndi kamuzu koyera, ndipo timizuto tinali titakolanakolana ngati ndevu za agogo aamuna. Anapisamo dzanja, mukumveka kufunda.

"Mawa tichiyanika padzuwa, chikauma tikagayitsa," anatero agogo.

Koma Tadala sanamve zonsezo. Anali atathamangira kale kuseri kwa nyumba. Anabwerako atafumbata kansanza kozizira kaja, n'kukakhazika pambali pa mafuwa.

"Agogo, sendezani pang'ono. Anzathuwa awotheko moto."