Achimwene a Phiri, munditsimikizire kaye komwe Hilux ija inapangidwa

Achimwene a Phiri,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu ndi ana? Kuno ku Kasungu tadzuka, kungoti kwatentha koopsa mvula sinayambe.

Ndalemba kalata osati mavoisi aja timatumizirana pa WhatsApp chifukwa nkhaniyi ndikufuna ikhale yolembedwa, inunso mundiyankhe molemba. Ndi za Hilux yoyera ija, dabo kabu ya 2013, ya dizilo 3.0, yomwe tinagwirizana mapaundi 6,800 ndipo ndinapereka kale dipoziti ya 2,000. Ndalama yotsalayo ilipo musadandaule, soya ndinagulitsa yense, koma ndaima kaye kutumiza chifukwa pali chinthu chimodzi chikundisowetsa tulo.

Pa invoisi mwanditumizira Lolemba ija, pomwe pamalembedwa dziko lomwe galimoto inapangidwa mwalemba kuti Japan. Koma nambala ya chasisi yomwe ili pa invoisi yomweyo ndi iyi:

AHTFZ29G709084417

Ndiye dzulo ndinapita nayo kwa amakaniko anga, mdala amene wakhala akutsegula ma Toyota kuyambira ine ndili ku pulaimale, atangoyang'ana anati iyi si ya ku Japan iyi, ndi ya ku Joni. Anandifotokozera kuti pa nambala ya zilembo 17 ngati imeneyi, zitatu zoyambirirazo ndi zomwe zimanena dziko ndi kampani yomwe inapanga. Toyota yopangidwa ku Japan imayamba ndi JT, ya ku Thailand imayamba ndi MR0, pomwe AHT ndi ya ku South Africa, fakitale ya Toyota ili ku Prospecton ku Durban ija. Ndinakafufuzanso ndekha usiku pa foni ndapeza ndi zomwezo, komanso kuti ma Hilux ambiri ogulitsidwa ku UK kwanuko amachokera ku Durban komweko. Ndiye pepala limodzi likunena zinthu ziwiri, mzere wina Japan mzere wina Joni, apa nde ndimve ziti?

Musandimve molakwika achimwene, sindikunena kuti mwandinamiza ayi. Ndikudziwa kuti anthu ambiri akangoona Toyota basi amalemba Japan, mwina ndi mnyamata wanu wa mu ofesi anangodzaza mwachizolowezi. Komanso ine ilibe vuto ikakhala ya ku Durban, mwinanso ndingakondwe kumene poti ma Hilux a ku Joni adzadza kuno ndipo sipeya wake sasowa, ku Lilongwe ungolowa shopu ziwiri zitatu wapeza. Galimotoyi ndikuifunabe. Chomwe sindikufuna ndi mapepala otsutsana okhaokha.

Chifukwa chake ndi ichi. Zaka zitatu zapitazo ndinaitanitsa kagalimoto kakang'ono ka mayi a kunyumba kudzera kwa munthu wina, sinditchula dzina, iye polemba invoisi analakwitsa nambala imodzi yokha ya chasisi, pa 8 analemba 3. Galimoto inafika bwinobwino pa Dar es Salaam, dalaivala anayenda nayo mpaka pa boda ya Songwe, koma poyerekeza pepala ndi chitsulo sizinafanane, ndipo anthu a pa boda sanalakwe, ntchito yawo ndi imeneyo. Inakhala pamenepo masabata awiri ine ndikulipira malo oimikapo, ndikumutumizira dalaivala ya chakudya ndi pogona, wogulitsa uja foni osayankha, mayi a kunyumba tsiku lililonse kufunsa kuti kodi galimoto ija ilipodi kapena munadya ndalama. Zinandiwawa kwambiri ndipo mpaka lero ndikaona nambala ya chasisi ndimaiwerenga katatu ndi chala. Ndiye pano ejenti wanga akadzadzaza za msonkho ku MRA adzafunika kulemba dziko lomwe galimoto inapangidwa, osati komwe yakwerera sitima, ndipo iye amangokopera zomwe zili pa invoisi yanu. Wandiuza kale kuti zimenezi zikonzedwe galimoto isanakwere, chifukwa kusintha pepala katundu ali panyanja ndi mutu waukulu.

Ndiye chonde mundichitire izi. Mupite pa yadi pomwe yaima galimotoyo nokha, musatume munthu, mujambule nambala ya chasisi pomwe inadindidwa pa chitsulo chenichenicho pansi, ngati pali matope kapena dzimbiri mupukute kaye kuti chilembo chilichonse chioneke. Mujambulenso kachitsulo kapena sitika ya fakitale ija imakhala ndi nambala yomweyo ndi modelo, komanso pakona ya galasi lakutsogolo ngati ilipo. Kenako V5C, bulu buku ya galimoto ya ku UK ija, tsamba lomwe pali nambala ya chasisi ndi ya injini, dzina ndi adiresi ya mwini wake wakale mutha kuphimba ine sindikuzifuna. Zithunzi munanditumizira poyamba zija ndi zokongola inde, matayala, mipando, dashibodi, koma palibe ngakhale chimodzi choonetsa nambala.

Zonsezi zikafanana, mundilembere pa pepala la kampani yanu, musaine, mawu ake achidule basi: kuti galimoto ya chasisi AHTFZ29G709084417 inapangidwa ku dziko lakuti, chaka chakuti. Ngati mungathe kufunsa kwa dila wa Toyota kumeneko kuti aione mu kompyuta yawo nde bwino kwambiri, iwo akalowetsa nambala imatulutsa zonse. Pa chaka ndatsindika dala, chifukwa 2013 ili pa V5C ndi chaka chomwe inalembetsedwa koyamba ku UK, mwina inatuluka mu fakitale 2012, ndipo kuno zaka za galimoto zimakhudza msonkho nde ndikufuna ndidziwiretu ndisadzadzidzimuke pa boda.

Kenako invoisi ija muikonze mutumize yatsopano, ndipo nambala yomweyo ndi yomwe ipite kwa a sitima. Polemba musamale ndi 0, amakaniko anandiuza kuti mu nambala zimenezi mulibe chilembo O, I kapena Q, nde paliponse pooneka ngati O ndi ziro ameneyo.

Koma zikapezeka kuti nambala ya pa chitsulo ikusiyana ndi ya pa V5C, kapena pakuoneka ngati panawotcheredwa kapena kupalidwa, mundiuze chilungamo msanga, musaope kuti ndikhumudwa. Pamenepo galimotoyo tiisiye, dipoziti ija muisunge tifune ina, ine kudikira mwezi wina sindikuona vuto kusiyana ndi kulandira chinthu chomwe sindingathe kuchilembetsa kuno. Ndalama imeneyi ndi thukuta la zaka ziwiri achimwene, ndipo pikapuyi ndi yoti izikatenga mtedza ndi soya ku Chamama misewu yake mukuidziwa, si yongoyendera ku tchalitchi.

Munati sitima yopita ku Dar ikunyamuka pa 28 ndipo malo muyenera kusungitsa sabata yamawa. Mukanditumizira zithunzi ndi kalatayo pofika Lachisanu, ine Lolemba m'mawa ndili ku banki kutumiza 4,800 yotsalayo, ndipo ndikujambulirani risiti pompo. Ngati Lachisanu silitheka mungondiuza, ikwere sitima yotsatira palibe kanthu.

Mupereke moni kwa alamu. Ufa ndi usipa munanena zija ndapatsira mlongo wanu, akuti apeza wobwera nazo mwezi wamawa.

Ndine mng'ono wanu,
Mphatso
Kasungu