Masamu a kukula ndi kuchepa mochulukitsa: mafunso asanu ndi atatu ndi mayankho ake

Pepala ili ndi la inu amene mwamaliza Folomu 4 ndipo mukukonzekera mayeso olowera ku yunivesite. Dzipatseni ola limodzi ndi mphindi 15, kalikuleta yokhala ndi mabatani a log ndi ln ikhale pafupi, ndipo mayankho muwaone mutamaliza. Kuwerenga yankho n'kugwedeza mutu si kudziwa samu.

Pa funso lililonse yambani mwapeza chochulukitsira, ndiye kuti nambala imene chinthucho chikuchulukitsidwa nayo pakadutsa nyengo imodzi. Chokwera ndi 20 peresenti chochulukitsira chake ndi 1.2, chotsika ndi 15 peresenti ndi 0.85, chowirikiza kawiri ndi 2, chotsala theka ndi 0.5. Mafomula ndi awiri okha:

N = N₀ × r^t
N = N₀ × e^(kt)

N₀ ndi kuchuluka kwa poyambira, r ndi chochulukitsira, t ndi nthawi, k ndi liwiro la kukula kapena kuchepa, ndipo e ndi pafupifupi 2.718. Ngati k ali pamwamba pa ziro chinthucho chikukula, ngati ali pansi pa ziro chikuchepa.

MAFUNSO

1. Mu mkaka wosiyidwa pamalo otentha muli mabakiteriya 500, ndipo akuwirikiza kawiri mphindi 20 zilizonse. (a) Adzakhala angati pakatha maola atatu? (b) Papita nthawi yaitali bwanji kuti afike 1,000,000?

2. Mayi wina wakongola K80,000 ku banki mkhonde pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi. Mwezi ukatha asanabweze, chiwongoladzanjacho amachiphatikiza ku ngongole ndipo nacho chimayamba kubereka. (a) Ngongole ifika zingati pakatha miyezi isanu ndi umodzi? (b) Idzapyola K500,000 kumapeto kwa mwezi wachingati?

3. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 13.1 miliyoni m'Malawi, ndipo wa 2018 anapeza pafupifupi 17.6 miliyoni. Tengani kuti pakati pake panadutsa zaka 10 ndendende. (a) Pezani k. (b) Zinthu zikapitirira chomwecho, anthu adzakhala angati mu 2028? (c) Chiwerengero chimawirikiza kawiri pa zaka zingati?

4. Mnyamata wa kabaza wagula njinga yamoto pa K2,400,000. Mtengo wake ukutsika ndi 15 peresenti chaka chilichonse. (a) Idzakhala ya ndalama zingati pakatha zaka zinayi? (b) Ndi pakatha zaka zathunthu zingati pamene mtengo udzatsike kufika pansi pa K600,000?

5. Ayodini-131, amene madokotala amachizira matenda ena a chithokomiro, mphamvu yake imatsala theka masiku 8 aliwonse. Botolo lina lili ndi mphamvu ya 400 MBq lero. Pezani mphamvu yake (a) pakatha masiku 24, (b) pakatha masiku 20. (c) Idzatsala 1 peresenti yokha pakatha masiku angati?

6. Kaboni-14 amatsala theka pa zaka 5,730. Makala ofukulidwa m'phanga apezeka kuti atsala ndi 30 peresenti ya kaboni-14 amene mtengowo unali naye uli wamoyo. Mtengowo unafa zaka zingati zapitazo?

7. Namasupuni walowa m'damu la nsomba lokula 1,920 m². Tsiku la 6 anali ataphimba 30 m², tsiku la 30 anali ataphimba 120 m². (a) Akuwirikiza kawiri pa masiku angati? (b) Poyambira, pa t = 0, anaphimba malo aakulu bwanji? (c) Damu lonse lidzatsekeka tsiku liti, nanga theka lake tsiku liti?

8. Tiyi wathiridwa m'kapu ali pa 90°C m'chipinda cha 25°C. Pakutha mphindi zisanu watsika kufika 70°C. Pogwiritsa ntchito lamulo la Newton la kuzizira, T = 25 + 65e^(−kt), pezani nthawi imene tiyiyo adzafike 50°C.

MAYANKHO

1. (a) Maola atatu ndi mphindi 180, ndipo 180 ÷ 20 = 9. Mabakiteriya awirikiza kasanu ndi kanayi: 500 × 2^9 = 500 × 512 = 256,000. Amene mwapeza 4,000 mwaika 3 pamalo pa 9. Nthawi muziiwerenga m'nyengo zowirikizira, osati m'maola.

(b) 500 × 2^n = 1,000,000, choncho 2^n = 2,000.
n = log 2,000 ÷ log 2 = 3.3010 ÷ 0.3010 = 10.97
Kuchulukitsa ndi mphindi 20 kukupereka mphindi 219, amene ali maola atatu ndi mphindi 39.

2. (a) 80,000 × 1.2^6 = 80,000 × 2.985984 = K238,878.72.
Ambiri amalemba K176,000, atatenga K16,000 ya mwezi woyamba n'kuiwonjezera kasanu ndi kamodzi. Imeneyo ikanakhala yolondola chiwongoladzanja chikanakhala chosabereka. Pano mwezi wachiwiri 20 peresenti ikutengedwa pa K96,000, wachitatu pa K115,200, ndipo kusiyana kwa mayankho awiriwa, K62,878.72, ndi ndalama zimene chiwongoladzanja chabala chokha.

(b) 1.2^t = 500,000 ÷ 80,000 = 6.25
t = log 6.25 ÷ log 1.2 = 0.79588 ÷ 0.07918 = 10.05
Apa ndi pamene pali msampha. Dzanja limafuna kulemba 10 chifukwa 10.05 yayandikira 10. Koma yesani: kumapeto kwa mwezi wa 10 ngongole ndi 80,000 × 1.2^10 = K495,338.91, sinafike. Chiwongoladzanja chimalowa mwezi ukatha, ndiye yankho ndi mwezi wa 11, pamene ngongole yafika K594,406.70. Mukafupikitsa nambala pa funso lotere, bwererani ku fomula mukatsimikize.

3. (a) 17.6 = 13.1 × e^(10k)
e^(10k) = 1.3435
10k = ln 1.3435 = 0.2953, choncho k = 0.0295.
Ofesi yoona za kalembera ku Zomba inalengeza 2.9 peresenti pachaka, ndipo yathuyi yaposako pang'ono. Chifukwa china n'chakuti kalembera wa 2008 anachitika mu Juni pamene wa 2018 anachitika mu Sepitembala, ndiye pakati pake panapitirira zaka 10. Ife tafupikitsanso ziwerengero.

(b) Kuchoka 2018 kufika 2028 ndi zaka 10 zinanso, chochulukitsira ndi chomwe chija: 17.6 × 1.3435 = 23.6 miliyoni. Palibe chifukwa chobwerera ku e.

(c) e^(kt) = 2, choncho t = ln 2 ÷ k = 0.6931 ÷ 0.0295 = zaka 23.5. Taonani kuti chiwerengero choyambira sichinalowemo. Njira yachidule yodziyesera ndi kugawa 70 ndi peresenti ya kukulako: 70 ÷ 2.95 = 23.7, pafupi ndithu. Yankho la (b) likuimira pa mawu aja oti "zinthu zikapitirira chomwecho". Mabanja akayamba kubereka ana ochepa k amatsika, ndipo woyesa mayeso akafunsa chofooka cha fomulayi, chimenecho ndicho mulembe.

4. (a) 2,400,000 × 0.85^4 = 2,400,000 × 0.52200625 = K1,252,815.

(b) 0.85^t < 600,000 ÷ 2,400,000 = 0.25
t × log 0.85 < log 0.25
t × (−0.07058) < −0.60206
Tikugawa ndi nambala ya pansi pa ziro, choncho chizindikiro chitembenuka: t > 8.53. Yankho ndi zaka 9. Pakatha zaka 8 njinga ili pa K653,977, pakatha 9 ili pa K555,881.

5. (a) Masiku 24 ndi nyengo zitatu za masiku 8: 400, 200, 100, 50. Yankho ndi 50 MBq, kalikuleta osaigwira n'komwe.

(b) 20 ÷ 8 = 2.5, ndiye 400 × 0.5^2.5 = 70.7 MBq. Tsiku la 20 lili pakatikati pa tsiku la 16 ndi la 24, pakati pa 100 ndi 50, n'chifukwa chake ena amalemba 75. Kuchepa kotere kumathamanga koyambirira n'kumafooka pambuyo pake, ndiye pofika pakati pa nyengo zoposa theka la zoyenera kuchoka zimakhala zitachoka kale.

(c) 0.5^(t/8) = 0.01
t/8 = log 0.01 ÷ log 0.5 = (−2) ÷ (−0.30103) = 6.644
t = masiku 53.2, kapena kuti cha m'tsiku la 54.

6. 0.5^(t/5730) = 0.30
t = 5,730 × (ln 0.30 ÷ ln 0.5) = 5,730 × (−1.2040 ÷ −0.6931) = 5,730 × 1.737
Zikupereka zaka pafupifupi 9,950. Dziyeseni ndi nzeru chabe: 50 peresenti imatsala pa zaka 5,730, 25 peresenti pa zaka 11,460, ndipo 30 ili pakati pake koma yayandikira 25. Amene mwaika 0.70 mwawerenga zimene zachoka m'malo mwa zimene zatsala. Njira yoyezera zaka iyi anaitulukira ndi Willard Libby, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1960.

7. Funso ili ndi limene ndimalikonda pa onsewa, chifukwa silikupatsani N₀ kapena r. Mukapatsidwa nthawi ziwiri chotere, lembani masamu awiri n'kugawa, N₀ afafanizike.

(a) N₀r^30 = 120 ndi N₀r^6 = 30. Kugawa: r^24 = 4. Kuchulukitsa kanayi ndi kuwirikiza kawiri maulendo awiri, ndiye ulendo umodzi ukutenga masiku 12.

(b) N = N₀ × 2^(t/12). Pa t = 6: 30 = N₀ × 2^0.5, choncho N₀ = 30 ÷ 1.4142 = 21.2 m².

(c) 1,920 ÷ 30 = 64 = 2^6. Pakufunika maulendo asanu ndi limodzi a masiku 12, omwe ndi masiku 72, kuwerengera kuchokera tsiku la 6. Damu litsekeka tsiku la 78. Musaiwale kuwonjezera 6 ameneyo. Theka la damu limakhala litaphimbidwa ulendo umodzi wokha kumbuyo, tsiku la 66, osati la 39. Pa tsiku la 42 namasupuni waphimba 240 m² basi, gawo limodzi mwa asanu ndi atatu, ndipo mwini damu akhoza kumati ntchito yochotsa idikire kaye.

8. Chimene chikuchepa mochulukitsa apa si kutentha kwa tiyi, koma kusiyana kwa tiyi ndi chipinda. Poyamba kusiyanako ndi 90 − 25 = 65, n'kumene kwachokera 65 wa m'fomula. Chotsani 25 musanagwire ln.

70 = 25 + 65e^(−5k)
e^(−5k) = 45 ÷ 65 = 0.6923
−5k = ln 0.6923 = −0.3677, choncho k = 0.07354

50 = 25 + 65e^(−kt)
e^(−kt) = 25 ÷ 65 = 0.3846
−kt = −0.9555
t = 0.9555 ÷ 0.07354 = 12.99

Tiyi afika 50°C pakatha mphindi 13 kuchokera pamene anathiridwa. Madigiri 20 oyamba anatenga mphindi zisanu, 20 achiwiri atenga mphindi zisanu ndi zitatu. Ngati mwapeza 12.9 kapena 13.7, onani k wanu: mwina mwamudula kukhala 0.074 kapena 0.07. Msungeni m'kalikuleta ndi manambala ake onse, mufupikitse pa mzere womaliza.