Benchi ya Amayi

"Alamu, benchi yanga ija ndikuisiya. Mwezi ukatha ndikulowera ku Joni. Ngati mukuifuna, ndi K52,000 pamwezi."

Amake Tadala anakhala chete foni ili kukhutu. Benchi imene ankanena alamu awoyo ankaidziwa bwino. Inali mumsika wa Lizulu m'tauni, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, pafupi ndi timilatho tamatabwa towolokera ku Tsoka. Anthu pamenepo sadukiza. Otsika mabasi ku depoti, ochokera ku Malangalanga, amayi okhala ndi malesitilanti ogula anyezi wa ndowa yathunthu osanenerera, onse amadutsa pomwepo.

"Ndiyeseko kaye sabata imodzi, alamu," anatero pomaliza.

"Yesani. Koma Lolemba linalo ndimve zenizeni, chifukwa ofuna ndi ambiri."

Iwo anali kale ndi benchi yawo pamsika wa Nsungwi ku Eriya 25, mtunda woyenda pansi kuchokera kunyumba. Anawasiyira malemu mayi awo. Denga lake linali la malata awiri akale, ndipo mwendo umodzi unali wochirikiza ndi njerwa. Ankagulitsapo tomato, anyezi, mbatatesi ya ku Dedza, ndipo pakona pankakhala kabichi. Akachotsa mpamba, ndalama yonyamulira katundu ndi chiphaso cha khonsolo, ankatsala ndi K12,000 patsiku labwinobwino. Lendi sankalipira. Aliyense wowafunsa ankamuuza mawu omwewo: "Iyi ndi yaulere, ndi ya amayi."

Lolemba anadzuka tambala woyamba atangolira. Bambo a Tadala anali asanabwere ku Kanengo kumene ankagwira ntchito yaulonda usiku, choncho anadzutsa Tadala n'kumuuza kuti atseke chitseko, asambitse Yamikani, amusiye ku mkombaphala asanapite kusukulu. Minibasi inadzaza pa siteji, inadutsa pa 18 kukuyera, ndipo pofika 6 koloko iwo anali atayala kale miyulu.

Malonda a m'tauni ndi ena ndithu. Pofika masana tomato yense amene ku Nsungwi akanakhala masiku awiri anali atatha. Anaodanso wina kwa anyamata otsitsa pa lole yochokera ku Ntcheu, nayenso anatha. Madzulo akuwerenga ndalama m'kachikwama ka m'chiuno, manja ananjenjemera. Tsiku lachiwiri zinayenda chimodzimodzi, lachitatu kunagwa mvula zinatsikako, Lachisanu ndi Loweruka zinakwera. Atasonkhanitsa zonse n'kugawa, zinawapatsa K25,000 patsiku.

Lamulungu masana kunali banki mkhonde kwa a Nachisale. Mayiwa anali msungichuma wa gulu, ogulitsa usipa ndi utaka mzere wachitatu kuchokera pa benchi ya amake Tadala, ndipo anali mnzawo wa malemu aja kuyambira msikawo uli wa mapepala ndi timitengo. Anthu ataponya masheya n'kubalalika, amake Tadala anatsalira, kope lawo lili m'manja.

"Amayi, ndabwera kudzatsanzika. Ndikusamukira m'tauni."

"Khala pansi, mwanawe. Tandionetsa kopelo."

Anali atalemba mosamala. K25,000 ya phindu. Kuchotsa K4,000 ya minibasi kupita ndi kubwera. Kuchotsa K2,000 ya nsima ya masana, poti kunyumba n'kutali. Kuchotsa K2,000 ya lendi, chifukwa K52,000 ukaigawa masiku 26 ogulitsa imapereka zimenezo. Yotsala K17,000. Pansi pake panali K12,000 ya ku Nsungwi, ndipo anali atazunguliza K5,000 ndi cholembera kawiri konse.

A Nachisale anavala magalasi, nayendetsa chala pamzere uliwonse. Sanapeze cholakwika.

"Masamu ako ali bwino. Koma sabata ino ine ndamwa tiyi wopanda mandasi. A golosale pa kona paja andiuza kuti beseni lako silinabwere."

"Nanga ndikanakazinga nthawi yanji, amayi? Ndimanyamuka kuli mdima."

"Mandasi amakupatsa zingati, ukachotsa ufa, mafuta ndi makala?"

"K5,000."

"Yalembedwa pati?"

Amake Tadala anayang'ana kope. "Koma imeneyo sindinalipire munthu aliyense. Sinatuluke m'thumba mwanga."

"Sinatuluke chifukwa sinalowe. Lolemba lapitalo unali ndi m'mawa umodzi wokha. Unaupereka kwa minibasi, ndiye chiwaya chinakhala chozizira. Benchi ya m'tauni yakulipiritsa zinthu zinayi: thiransipoti, nsima, lendi, ndi mandasi amene sunakazinge. Zitatu zoyambazo umaziona chifukwa pali wotambasula dzanja. Chachinayicho palibe amene amabwera kudzakulonjerera, n'chifukwa chake anthu ambiri amachiiwala."

Analemba K5,000 pansi pa K12,000. Zonse pamodzi K17,000. Mbali ziwiri zija zinafanana ndendende, ndipo chozunguliza chija chinangokhala ngati chikuwayang'ana.

Mtima unawawa. Sabata yonse anali atadziona kale akugula malata atsopano, akulipiriratu fizi ya Tadala ya ku sekondale. Anatseka kope.

"Basi, ndikhala. Bola kuno benchi ndi yaulere."

"Yaulere?" A Nachisale anavula magalasi. "Yohane wa mpunga ndi nyemba uja, amene amayala pansi pafupi ndi chipata, anakuuza chiyani mwezi watha?"

"Anati ndikadzafuna kuchoka ndimubwereke, azindipatsa K39,000 pamwezi. Ndinamuseka."

"Gawa masiku 26."

Anagawa pa foni. K1,500.

"Ndiye tsiku lililonse ukakhala pa benchi ya mayi ako, wakana K1,500 ya Yohane. Umadzilipira wekha lendi, kungoti sukuona. Ukapita m'tauni ndalama imeneyo izilowa iwe uli ku Lizulu. Ilembe mbali inayo."

M'tauni K18,500. Ku Nsungwi K17,000.

Amake Tadala anaseka mokhumudwa. "Amayi, mwayamba mwandibweza, tsopano mukundithamangitsa. Mukufuna ndichite chiyani?"

"Ine sindikufuna kanthu. Ndikungofuna udziwe chimene ukusiya usanatole chinacho. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sungakhale pa mabenchi awiri nthawi imodzi, ndiye mtengo weniweni wa imene wasankha ndi zonse zimene inayo ikanakupatsa. Osati za mabenchi onse a mu Lilongwe, ayi. Yokhayo imene ukanaitenga ukanapanda kutenga iyi."

Anabwerera kunyumba dzuwa litapendeka. Anapeza Tadala wakhala pakhonde, buku la masamu lili pamwendo, Yamikani akumukoka chitenje. Bambo a Tadala anali akumanga nsapato, kukonzekera ulendo wa ku Kanengo.

"Aphunzitsi a Tadala anabwera Lachisanu," anatero bamboyo. "Sindinafune kukusokonezani muli pa mayeso anu a m'tauni."

"Anati chiyani?"

Tadala anaweramitsa mutu. "Sabata yonse sindinapite ku makalasi a masana, amayi. Ku mkombaphala amaweruka 12 koloko, adadi amakhala akugona, ndiye ndimakamutenga Yami, ndiphike, nditunge madzi pa kiyosiki. Lachinayi tinalemba mayeso oyeserera. Masamu ndinapeza 41."

Mwanayu sanapezepo masamu ochepera 70 chiyambire Sitandade 6. Mayeso a Sitandade 8 anali atatsala miyezi itatu, ndipo ndi mayeso amenewo amene amanena ngati mwana asankhidwa kupita ku sekondale ya boma kapena makolo azifunafuna fizi ya pulayiveti.

Usiku umenewo ana atagona, amake Tadala anayatsa tochi ya foni n'kutsegulanso kope. Panalibe wowafunsa mafunso tsopano, anayamba kudzifunsa okha. Atalemba mtsikana woyang'anira Yamikani masana, angamulipire zingati? Kwa oyandikana nawo wantchito wotere ankalandira K40,000 pamwezi, ndiye K1,500 ija yathera pomwepo, osawerengera chakudya chake. Akapanda kulemba munthu, wolipira ndi Tadala, ndipo iye salipira ndi ndalama. Anayesa kuika nambala pa makalasi a masanawo, nalemba, nafufuta. Chimene anatha kulemba molimba mtima chinali chimodzi: kukhala ku Nsungwi kukuwadyera K1,500 patsiku. Funso linasanduka lapafupi kuposa lija anapita nalo kwa a Nachisale. Kodi angalipire K1,500 patsiku kuti masana aliwonse Yamikani azisewera pansi pa benchi yawo, Tadala ali m'kalasi?

Akanakhala kuti munthu wawauza mtengo umenewo pamsika, sakananenerera n'komwe.

M'mawa anaimba foni mafuta ali pamoto.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Benchi ija ndaiona, ndi yabwino kwambiri. Koma pakadali pano sindingathe. Mutapeza munthu wa miyezi itatu yokha, Tadala akalemba mayeso tidzakambiranenso."

"Aa, alamu, miyezi itatu ndani angavomere? Pali mayi wina wa ku Kawale akufuna kulipiriratu chaka chonse."

Anatembenuza mandasi ndi chipande, mmodzi mmodzi. Ankadziwa kuti benchi ngati imeneyo siipezeka kawirikawiri, ndipo mwina sadzaipezanso.

"Apatseni. Muyende bwino, mukatilembere mukafika."

Atatula beseni pa golosale, anafika pamsika n'kuchotsa chiguduli chimene chinavindikira benchi sabata yonse. Anayala tomato, anyezi, mbatatesi. Atafika pakona ya kabichi anaima. Mitu inayi ya sabata yatha inali itafota, masamba akunja achita chikasu. Anatulutsa kope n'kubwerera m'mbuyo masamba a miyezi iwiri, akuwerenga za kabichi yekha. Masiku ena K600, masiku ena palibe, ena kutaya. Pogawa zinabwera pafupifupi K400 patsiku, ndipo kabichiyo ankadya gawo limodzi mwa magawo atatu a benchi yonse.

Anayang'ana ku chipata. Yohane anali atagwada, akuyala matumba ake pa pulasitiki, akuthamangitsa nkhuku ya munthu imene inkajompha mpunga.

"Achimwene! Tabwerani."

Mnyamatayo anabwera akupukuta manja m'thalauza. "Mwaganiza zosamuka, amayi?"

"Sindikusamuka. Koma mbali iyi, kuyambira pa msomali apa kukafika kumapeto, mungaikepo mabeseni angati?"

Yohane anayeza ndi mkono. "Atatu. Kilombero, nyemba za nanyati, ndi mtedza."

"Muzipereka zingati pamwezi?"

"K13,000. Poti ndi gawo chabe."

Amake Tadala anagawa mumtima. K500 patsiku. Inkaposa kabichi, koma pang'ono.

"Pano pali denga, mvula ikagwa simuthawa ndi matumba. Ndipo mukapita kokaoda, mpunga wanu ndizikugulitsirani ine. K18,200."

"Ha, amayi, mpaka ndi 200 yomwe?"

"Ndi K700 patsiku. Werengani nokha."

Yohane anatulutsa foni, nadina, nakanda m'mutu, kenaka anapita kukanyamula matumba ake. A Nachisale, amene ankaonerera ali pa mzere wawo akuwaza madzi pa usipa, anakuwa kuti kabichi wofotayo asatayidwe, awapatse akadyetse akalulu awo.

"K200 mitu yonse inayi, amayi," anayankha amake Tadala, akusuntha anyezi kuti beseni loyamba la mpunga likwane.