Mndandanda wa masatifiketi: ndiufuna Lachinayi pa 11 Juni, 12 koloko masana

A Tadala,

Mwaswera bwanji? Lachisanu lija potuluka ndinangokulemberani kameseji kakuti "mukonze mndandanda wa ophunzira uja", ndiye lero m'mawa nditakawerenganso ndaona kuti sindinakuuzeni chilichonse, kuti mndandanda wake uti, kukonza kwake kotani, mpaka liti. Pepani. Mwangotha miyezi iwiri muno, simungadziwe zomwe zili m'mutu mwanga, choncho kameseji kaja kaiwaleni, tiyendere imelo ino.

Nkhani yake ndi iyi. Maphunziro a kasungidwe ka mabuku aja tinachititsa magulu atatu, gulu lililonse masiku 5, ndipo satifiketi timapereka kwa munthu amene wabwera masiku osachepera 4. Mwambo wopereka uli pa 19 Juni koma osindikiza akufuna maina Lachisanu pa 12 m'mawa. Vuto ndi loti maregisita anataipidwa ndi anthu atatu, aliyense mwa njira yake, wina amalemba P munthu akabwera, wina x, wina 1, ndipo ophunzira ena anayamba ndi gulu loyamba n'kudzamalizira lachitatu, ndiye akupezeka kawiri. Mafayilo onse atatu ali mu foda ya timu yotchedwa `Maphunziro_Meyi`, pamodzi ali ndi mizere 412, koma anthu enieni ine ndikuganiza kuti sakwana 390. Maregisita a pepala omwe anthu ankasaina okha ali mu kabati ya a Mphatso, shelefu yachiwiri, mafayilo abuluu.

Chomwe ndikufuna kulandira ndi fayilo imodzi ya Excel, muitchule `Masatifiketi_Juni.xlsx`, ikhale mu foda yomweyo, ndipo mkati mwake mukhale mashiti atatu. Yoyamba `Oyenera`, munthu mmodzi mzere umodzi, makolamu ake dzina, dzina la bambo, foni, gulu, deti yomwe anamaliza, kenako masiku asanu aja ndi chiwerengero chake kumapeto. Shiti imeneyi ndi yomwe ndidzatumize kwa osindikiza mmene ilili osaigwiranso, ndiye dzina lililonse lilembedwe ndendende mmene mwini wake analembera pa pepala. Yachiwiri `Zokayikitsa`, muyikemo aliyense amene simukutsimikiza naye ndi chifukwa chake m'mawu ochepa, monga "siginecha ya tsiku lachitatu sikuoneka". Yachitatu `Chidule`, katebulo kakang'ono chabe, gulu lililonse analembetsa angati, akwanitsa angati, sanakwanitse angati, okayikitsa angati. Manambala atatu omalizawo mukawaphatikiza azifanana ndi oyambawo, akapanda kufanana ndiye kuti pali munthu wasowa penapake. Amene sanakwanitse masiku 4 musawafufute, asiyeni mu kope yanu yogwiriramo ntchito, pamakhala ena obwera kudzafunsa chifukwa chomwe sanalandirire.

Nthawi yake ndi Lachinayi pa 11 Juni, 12 koloko masana. Ndanena 12 osati poweruka chifukwa masana amenewo ndikufuna ndikhale nayo ndekha maola awiri, nditenge maina 40 mwachisawawa n'kuyerekeza ndi pepala, ndipo pakapezeka chokonza tikhale tikadali ndi nthawi. Koma musadikire Lachinayi kuti ndione ntchito yanu koyamba. Mawa Lachiwiri cha m'ma 3 koloko munditumizire mizere 30 yoyamba mutaikonza, ngakhale zina zonse zikadali bwerekete. Ngati tamvana mosiyana bola tizindikire pa mizere 30 kusiyana ndi pa 400.

Mwina mukudabwa kuti bwanji ndikulimbikira za maina chonchi. Chaka chatha tinathamangira, mndandanda unapita osaonedwa bwino, ndipo masatifiketi 17 anatuluka olakwika. Sindidzaiwala mayi wina wachikulire amene ataitanidwa ananyamuka akumwetulira, analandira, n'kuima pomwepo akuyang'ana pepala lija, kenako anandinong'oneza kuti "dzinali si langa". Tinali titasinthanitsa zilembo ziwiri basi, koma iwo ankafuna kukaionetsa kofunsira ntchito sabata yomweyo, ndipo dzina silinkagwirizana ndi la pa chiphaso chawo. Zinandipweteka mtima kwambiri, ndipo sindikufuna zichitikenso.

Tsopano malo omwe Excel imapusitsira anthu, izi zindikirani musanayambe. Choyamba koperani mafayilo atatu aja muzigwira pa kope, oyambirirawo asakhudzidwe. Fayilo ya gulu lachiwiri ndi ya CSV, ndipo mukangoitsegula podina kawiri Excel imaona manambala a foni ngati manambala owerengera, ndiye imadya 0 wakutsogolo. Ilowetseni kudzera pa Data kenako From Text/CSV, ndipo kolamu ya foni muisinthe ikhale Text musanailowetse mu shiti. Madeti nawonso samalani, yemwe anataipa gulu loyamba kompyuta yake imayamba ndi mwezi, ndiye 05/06 kwa iye ndi pa 6 Meyi pomwe kwa enawo ndi pa 5 Juni. Maphunziro onse anachitika mu Meyi, choncho mukaona deti ya mwezi wina dziwani kuti yatembenuka. Mu fayilo yanu lembani chaka, mwezi, tsiku, kuti pasakhalenso kukayika.

Maina ambiri ali ndi masipesi obisika kumapeto, maso saona koma Excel imawatenga ngati maina awiri osiyana. Fomula iyi imachotsa, kuphatikizapo sipesi ija imabwera munthu akakopera zinthu pa intaneti yomwe TRIM payokha siichotsa:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(A2,CHAR(160)," "))
```

Ikakana, yesani kusintha makoma akhale `;` chifukwa makompyuta ena anaikidwa choncho. Ndikudziwa mudzafuna kugwiritsa PROPER kuti zilembo zoyamba zikhale zazikulu, palibe vuto, koma dziwani kuti imakuzanso chilembo chotsatira kachizindikiro ka m'mwamba kaja, ndiye Ng'oma amasanduka Ng'Oma, Mang'anda amasanduka Mang'Anda. Maina oterowo afufuzeni ndi Ctrl+F n'kuwakonza pamanja.

Za anthu opezeka kawiri, chonde chonde musadine Remove Duplicates. Imasunga mzere woyamba n'kutaya winawo osakufunsani, pomwe ife munthu amene anabwera masiku 2 ku gulu loyamba ndi masiku 3 ku lachitatu tikufuna timuphatikizire akhale ndi 5, osati atsale ndi 2 n'kumanidwa satifiketi yomwe anaivutikira. M'malo mwake phatikizani mizere yonse 412 mu shiti imodzi, mitu ya makolamu ili mu mzere woyamba, kenako ikani kolamu yothandizira, ngati mafoni ali mu C:

```
=COUNTIF($C$2:$C$413,C2)
```

Paliponse patuluke 2 kapena kuposa, pitani pa pepala mukaone. Nthawi zina ndi munthu mmodzi, nthawi zina ndi anthu awiri a banja limodzi omwe analemba foni imodzi, ndipo palinso a maina ofanana koma anthu osiyana, ndiye apa fomula imangokulozerani malo, kuweruza ndi kwa maso anu. Ma P ndi ma x onse asandutseni 1, posabwera 0, kuti chiwerengero chizingotuluka ndi SUM. Ntchito yambiri ili pa kuyerekeza ndi pepalako, ine ndikuona ngati ikudyerani tsiku limodzi ndi theka, za mafomulazi ndi za ola limodzi kapena awiri.

Zina gamulani nokha osandifunsa, masipesi, zilembo zazikulu, madeti otembenuka, dzina lomwe pa pepala likuoneka bwinobwino koma linataipidwa molakwika. Koma kuchotsa munthu pa mndandanda, kapena kumuwerengera tsiku lomwe sanasaine, zimenezo ayi, muikeni mu `Zokayikitsa` tidzaonere limodzi. Shiti imeneyi ikatalika musadandaule, kwa ine anthu 25 okayikitsa ndi abwino kuposa mmodzi yemwe mwangomuganizira. Ophunzirawo musawaimbire foni panopa, ofunika kuimbiridwa ndidzawaimbira ndine Lachinayi masana. Komanso muli maina ndi manambala a anthu mmenemu, ndiye fayiloyi isatuluke mu foda ya timu, osaiika pa fulashi kapena kudzitumizira ku imelo yanu yapadera, ndipo maregisita a pepala azibwerera mu kabati tsiku lililonse poweruka.

Mafunso muzilemba poyankha imelo yomweyi, kuti zonse zikhale malo amodzi ndipo Lachinayi tisamasakesake kuti tinagwirizana chiyani. Ndimaona imelo 8 koloko m'mawa, 1 koloko ndi 4 koloko, ndipo ndikulonjeza kuyankha tsiku lomwelo. Chikakhala chokuimitsiratu ntchito, bwerani pa desiki panga basi, osagogoda ndi mantha. Lachitatu lokha ndili mu miting'i kuyambira 10 mpaka 3 koloko, foni idzakhala yozimitsa, ndiye za maregisita, zolemba zosawerengeka, kaya ndani anaphunzitsa gulu liti, funsani a Mphatso, iwo anali komweko masiku onse ndipo ndawauza kale kuti mubwera. Foda ikakana kutseguka kapena Excel ikavuta, a Limbani a makompyuta. Mukakhala pa chinthu chimodzi mphindi 20 osasuntha, funsani. Ndaona kuti mumakonda kulimbana nazo nokha mwakachetechete, khama limenelo ndimalikonda, koma sabata ino nthawi ndi yochepa ndipo palibe amene angakuoneni moperewera chifukwa mwafunsa.

Za ntchito yanu ina, yosanja malisiti ija iyambe yaima mpaka Lachisanu, ndalankhula kale ndi a Chisomo ndipo avomera. Wina akakupatsani china sabata ino muuzeni aonane ndi ine. Ndipo mukaona kuti Lachinayi 12 koloko sizitheka, ndiuzeni pofika Lachitatu 9 koloko m'mawa ndisanalowe mu miting'i, pamenepo ndikhoza kupeza wokuthandizani kuwerenga maina pa pepala inu mukuyang'ana pa kompyuta. Mukandiuza Lachinayi 11 koloko ndilibe chomwe ndingachite.

Ntchitoyi ndakupatsani inu chifukwa cha lipoti la sitoko lija, munapeza katundu amene analembedwa kawiri pomwe tonse tinali titadutsapo osaona. Diso limenelo ndi lomwe likufunika pano. Ikatha bwino ndikufuna maphunziro a mu Seputembala mudzakonze ndinu fomu ya regisita kuyambira pachiyambi, kuti za P ndi x zisadzabwerenso.

Mukawerenga ndiyankheni lero musanaweruke, mzere umodzi wokha, kuti foda yatseguka, mafayilo atatu mwawaona, komanso ngati nthawi ya mawa 3 koloko ikukukwanirani.

Zikomo kwambiri,
Thokozani