Madamu, ndikupempha kalata yondichitira umboni pa ntchito

Mwaswera bwanji Madamu? Ndine mtsikana uja ndinabwera ku ofesi kwanu ku Bembeke kuchokera ku koleji ya NRC mu 2021 ndikukhala nanu mpaka kumapeto kwa 2022, amene munandipatsa makalabu a kachewere a kumtunda aja. Nambala ndinasintha ndiye mwina simunaisunge iyiyi. Pepani ndakhala chete nthawi yaitali, koma kunoko tili bwino ndithu.

Ndabwera ndi pempho. Ndafunsira ntchito ya ulangizi ku bungwe lina lomwe likugwira ntchito ndi alimi a mthirira ku Ntcheu ndi ku Dedza konko, kontilakiti ya zaka 2, ndiye andiitana ku intaviyu koma akufuna makalata a refarensi awiri. Ina alemba aphunzitsi anga a ku koleji, inayo akuti ikhale ya munthu amene anandiyang'anirapo ndikugwira ntchito kumunda, ndiye ine amene ndinamuganizira ndi inuyo basi chifukwa ndi inu munandiona kuyambira tsiku loyamba ndisanadziwe n'komwe kuyankhula pamaso pa amfumu. Dzina lanu sindinalipereke ayi, ndati ndiyambe ndamva kwa inu kaye.

Za masiku zili chonchi: kalatayo ikuyenera kuwafika pofika Lachisanu pa 14 Novembala, 5 koloko madzulo, intaviyu ndi Lachiwiri pa 18. Ine ndikanakonda itakhala yokonzeka Lachitatu pa 12 kuti netiweki kapena magetsi zikavuta tikhale ndi mpata. Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo yothamanga kwa inu, alimi akukonza minda komanso nkhani za fetereza zili mkati, nchifukwa chake ndakuuzani kudakali masabata atatu.

Sakufuna zambiri, tsamba limodzi lokha, mu Chingerezi, pa pepala la ofesi, musayine ndi kudindapo chidindo. Akufuna munenepo kuti munandidziwa liti komanso ngati ndani, ndimagwira bwanji ndi alimi, ndimasunga nthawi ndi kulemba malipoti bwanji, komanso ngati ndili wokhulupirika pa katundu ndi ndalama. Akuti mwina atha kukuimbirani foni mphindi zochepa kungotsimikiza kuti mwalemba ndinu.

Poti padutsa ana ambiri m'manja mwanu, ndikukumbutseni zomwe ndinkachita kuti musavutike kufufuza m'mafayilo. Ndinkayendera makalabu 6 pamodzi ndi alimi otsogola, tinakhazikitsa minda yachitsanzo itatu ya kachewere, ndipo ndinkaphunzitsa kapangidwe ka manyowa a Mbeya, kusakaniza madeya, phulusa, ndowe ndi fetereza pang'ono kenako kumanga m'thumba masiku 21. Malipoti a pamwezi a sekishoni ija ndinkalemba ndine kwa miyezi 8 alangizi ake ali ku sukulu.

Koma chomwe ndingakonde kwambiri mutachitchula ndi cha chiwawu chija, mu Febuluwale 2022 mvula itagwa sabata yathunthu osadukiza. Mukukumbuka ndinakubweretserani masamba a kachewere mu jumbo, akuda m'mbali ngati apsa ndi moto, kunsi kwake kuli tinthu toyera ngati nkhungu, inu munangowatembenuza kamodzi nkunena kuti mawa lomwe tiitane alimi? Ndinayenda wapansi midzi inayi tsiku limenelo chifukwa njinga sikanatha matope, ndipo mawa lake anthu anabwera, tinagwirizana zothira mankhwala onse nthawi imodzi ndi kuzula mapesi omwe anali atagwidwa kwambiri. Bungweli pa chikalata chawo cholengeza ntchitoyi akuti akufuna munthu wotha kusonkhanitsa alimi mwachangu pakagwa vuto, ndiye nkhani imeneyi ikachokera pakamwa panu ilemera kusiyana ndi ine kudzinenera ndekha. Lembani momwe inu munaonera, ngakhale pomwe ndinkafooka, sindikupempha kuti muwonjezere kanthu.

Ndakutumizirani pansipa sivii yanga, chikalata cholengeza ntchitoyo chomwe chili ndi imelo yotumizirako kalatayo, ndi tsamba limodzi lomwe ndalembapo zomwe ndanenazi ndi miyezi yake. Ngati kusikana kukuvutani ingojambulani bwinobwino pa foni munditumizire pa WhatsApp, ine ndiisandutsa PDF nkukubwezerani kuti mutumize nokha, kapena nditha kukwera minibasi Lolemba pa 10 kudzaitenga ndekha. Za bando ndi kupulinta zisiyeni kwa ine.

Ngati nthawi siikulolani kapena mukuona kuti papita nthawi yaitali moti simungalembe momasuka, chonde ingondiuzani, sindidandaula ngakhale pang'ono. Ndingopempha kuti mundiyankhe pofika Lachisanu likubwerali, pa 31 Okutobala, kuti ngati sizitheka ndipeze nthawi yopempha wina.

Zikomo kwambiri Madamu, mupereke moni kunyumba ndi kwa onse pa ofesi.

Ndine mwana wanu wa makalabu a kachewere uja.