Mafunso a Mwayi a Fomu 3: Ndalama, Madayisi ndi Timipira

Mafunsowa ndi okachitira kunyumba, ndipo makope ndidzatolera Lolemba tisanayambe phunziro. Yankho lililonse likhale fulakishoni yochepetsedwa mpaka pomaliza. Wolemba 3/6 m'malo mwa 1/2 ndidzamupatsa theka la malikisi.

Lamulo lake ndi lomwe lija tinalemba pabolodi Lachinayi. Nambala yapansi ndi njira zonse zimene chinthu chingagwere, yapamwamba ndi njira zimene funso likufuna. Yambani ndi yapansi. Pa ntchito ya sabata yatha ambiri munalakwa pamenepa: munathamangira zimene zikufunidwa musanawerenge zonse zimene zingachitike. Mwayi supyola 1 ndipo sutsika pansi pa 0, choncho mukapeza 7/5 bwererani, china chake chasokonekera.

Ndalama

Tengani ndalama yachitsulo. Mbali imene kuli chizindikiro cha boma tiziitcha mutu n'kulemba H, inayo mchira n'kulemba T, monga mudzazionera pa mayeso a MANEB.

1. Mpira usanayambe, woimbira waponya ndalama kamodzi. Kaputeni wa timu yanu wasankha mutu. Mwayi woti wapata ndi wotani?

2. Mwaponya ndalama ziwiri nthawi imodzi, ya K10 ndi ya K5. Lembani kaye njira zonse zimene zingagwere, kenaka pezani mwayi woti:
(a) zonse ziwiri zigwe mutu;
(b) ina igwe mutu, ina mchira;
(c) paoneke mutu, kaya umodzi kaya iwiri.

3. Ndalama yabwinobwino yagwa mutu kasanu motsatizana. Mnzanu akuti ulendo uno mchira sungalephere, nthawi yake yakwana. Mwayi woti igwe mchira poponya kachisanu ndi chimodzi ndi wotani?

Madayisi

Dayisi ndi ya ludo ija, ya mbali 6, ya madontho kuyambira 1 mpaka 6.

4. Mwaiponya kamodzi. Pezani mwayi woti igwe:
(a) 6, kuti mutulutse kamunthu kanu m'nyumba;
(b) nambala yogawika ndi 2 popanda yotsala;
(c) nambala yoposa 4;
(d) nambala ina iliyonse kupatula 6;
(e) 7.

5. Mwaponya madayisi awiri, ina yoyera, ina yofiira, ndipo mwaphatikiza madontho ake. Jambulani tebulo la mizere 6 yopingasa ndi 6 yotsika musanayankhe. Pezani mwayi woti:
(a) madontho akwane 7;
(b) akwane 12;
(c) akwane 5;
(d) madayisi onse awiri agwe nambala yofanana.

6. Mwaponya ndalama imodzi ndi dayisi imodzi. Mwayi woti ndalama igwe mchira ndipo dayisi igwe nambala yochepera 3 ndi wotani?

Timipira

M'thumba lansalu muli timipira tofanana kukula: tofiira 5, toyera 4 ndi tobiriwira 3. Wotola sasuzumira.

7. Mwatola kamodzi. Pezani mwayi woti kampirako kakhale:
(a) kofiira;
(b) koyera;
(c) kofiira kapena kobiriwira;
(d) kosakhala kobiriwira.

8. Koyamba kutola katuluka kofiira.
(a) Mwakabwezera m'thumba n'kukhutchumula. Mwayi woti mutolenso kofiira ndi wotani?
(b) Nanga mukapanda kukabwezera, mwakaika m'thumba la malaya?
(c) Yambiraninso ndi timipira tonse 12. Mutola kawiri osabwezera. Mwayi woti tonse tiwiri tikhale tofiira ndi wotani?

9. Ili ndi la amene amatha msanga n'kuyamba phokoso. M'chidebe muli timipira 20, tachikasu ndi takuda. Mwayi wotola kachikasu ndi 2/5. Tachikasu tilimo tingati? Tiwonjezeremo tachikasu tingati kuti mwayiwo ufike 1/2?

Mayankho

Pindani pepala pamzere uwu. Wokopera yankho popanda njira yake sapeza malikisi, ndipo ndimamudziwa.

1. Mbali zilipo ziwiri, yofunidwa ndi imodzi: 1/2.

2. Njira zake ndi HH, HT, TH ndi TT, zinayi. (a) 1/4. (b) 2/4 = 1/2. (c) 3/4, pakuti yopanda mutu ndi TT yokha.
Apa ndiimepo pang'ono. Ena munena kuti njira zilipo zitatu basi, mitu iwiri, michira iwiri kapena zosakaniza, ndiye mulemba 1/3 pa njira iliyonse. Ayi. K10 kugwa mutu K5 mchira n'kosiyana ndi K10 kugwa mchira K5 mutu, n'chifukwa chake ndakupatsani ndalama zosiyana. Zosakaniza zimabwera m'njira ziwiri, motero magulu atatuwo si ofanana mphamvu, ndipo lamulo lathu limagwira pokhapokha njira zonse zili ndi mwayi wofanana. Musachite manyazi kwambiri: katswiri wa masamu wa ku France, d'Alembert, mu 1754 anawerenganso njira zitatu poponya ndalama kawiri, n'kupeza 2/3 pamene ife tapeza 3/4. Wokayika aponye ndalama ziwiri maulendo 40, azilemba, adzatiuze Lolemba.

3. 1/2. Ndalama ilibe mutu woti n'kukumbukira mmene inagwera poyamba.

4. (a) 1/6. (b) 2, 4 ndi 6, ndiye 3/6 = 1/2. (c) 5 ndi 6, ndiye 2/6 = 1/3; nambala 4 siiposa 4, musaiwerengere. (d) 5/6, kapena 1 − 1/6. (e) 0/6 = 0, chifukwa palibe mbali ya madontho 7.

5. Tebulo lili ndi timabokosi 6 × 6 = 36, osati 12. Amene aphatikiza 6 ndi 6 alakwa funso lonse. (a) 7 amatuluka pa (1,6), (2,5), (3,4), (4,3), (5,2) ndi (6,1), ndiye 6/36 = 1/6. (b) Ndi (6,6) yekha, 1/36. (c) (1,4), (2,3), (3,2) ndi (4,1), ndiye 4/36 = 1/9. (d) Kuyambira (1,1) mpaka (6,6) zilipo 6, ndiye 1/6. Taonani kuti (3,4) ndi (4,3) tawerenga padera, koma (6,6) kamodzi kokha. Patebulo lonse palibe nambala yotuluka kawirikawiri kuposa 7.

6. Njira zonse ndi 2 × 6 = 12. Zofunidwa ndi T1 ndi T2, ndiye 2/12 = 1/6.

7. Timipira tonse ndi 5 + 4 + 3 = 12. (a) 5/12. Wolemba 5/7 wafanizira tofiira ndi totsalato, osati ndi tonse. Wolemba 1/3 wawerenga mitundu m'malo mowerenga timipira. (b) 4/12 = 1/3. (c) 8/12 = 2/3. (d) 9/12 = 3/4.

8. (a) 5/12, thumba labwerera mmene linalili. (b) Mwatsala timipira 11, tofiira 4, ndiye 4/11. Zasintha zonse ziwiri, yapamwamba ndi yapansi. (c) 5/12 × 4/11 = 20/132 = 5/33.

9. 2/5 ya 20 ndi 8, choncho takuda ndi 12. Kuti mwayi ukhale 1/2, tachikasu tifanane ndi takuda, ndiye tiwonjezere 4: 12/24 = 1/2. Amene mwapeza 2 mwaiwala kuti kampira kalikonse kolowa m'chidebe kakukwezanso nambala yapansi, pakuti 10/22 si theka.

Lolemba gulu lililonse libwere ndi dayisi imodzi ndi zotsekera mabotolo 12 za mitundu itatu. Tizidzatola m'chipewa.