Mtengo wosokera diresi lalitali lamanja aatali

3 Malichi

Zikomo Mayi,

Monga ndinalonjeza dzulo mutabwera kudzayezetsa, ndalemba mtengo wa diresi lanu. Ndinaona nkhope yanu itasintha pamene ndinati zipitirira 90,000, ndiye ndati ndiulembe poyera, chinthu chimodzichimodzi, kuti muone kumene ndalama iliyonse ikupita. Pamene mwaona kuti ndalakwitsa masamu mundiuze.

Chimene tinagwirizana ndi diresi lofika m'mapazi, logwira thupi kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno, lotambasuka kumunsi, lamanja aatali okhala ndi mabatani awiri mkono uliwonse, matumba awiri obisika m'mbali, zipi yobisika kumsana, lamba wa nsalu yomweyo, ndiponso nsalu yamkati. Miyezo imene ndinalemba ndi iyi: chifuwa masentimita 98, chiuno 82, mahipi 106, kuchokera paphewa kufika m'chiuno 41, kuchokera m'chiuno kufika pansi 104, mkono 58.

NSALU

Munati mamita 3 akwana. Akanakwana diresi likanakhala lolekeza m'mawondo, koma ili ayi. Nsalu ya thonje yamaluwa imene mwasankha m'lifupi mwake ndi masentimita 112, osati 150 ngati nsalu zina, ndiye zidutswa zambiri sizingagone moyandikana. Ziyenera kutsatana m'litali.

Siketi ili ndi zidutswa ziwiri, chakutsogolo ndi chakumbuyo. Chilichonse ndi masentimita 104, kuwonjezera 1.5 wa msoko wa m'chiuno ndi 4 a mpendero, tingoti 110. Ziwirizo zatenga 220. Chakumtunda, kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi, chikulowa movutikira m'lifupi mwa nsaluyo ndipo chitenga 50. Manja onse awiri agona limodzi pa masentimita 65. Lamba 15. Matumba ndi kansalu kopindira m'khosi ndidzatola pa zotsala za m'mbali, sindinaziwerengere. Apa tafika 350.

Pali zinthu ziwiri zimene sizioneka diresi likatha koma zimadya nsalu. Choyamba ndi maluwa. Duwa lalikulu lija limabwereza pa masentimita 30 aliwonse, ndipo ngati ndidula mosasamala mudzapeza duwa laduka pakati pamsana, theka lili m'mwamba theka lili m'munsi, zipi ili pakati. Kuti maluwa akumane ndiyenera kusuntha pateni, ndiye ndawonjezera 30. Chachiwiri n'chakuti thonje limafupika likachapidwa koyamba. Ndimachapa nsalu ndi kuisita ndisanaidule, kuopa kuti lingadzakuthineni mutangolichapa kamodzi. Ndasiyira 20 pa chimenecho. Zonse pamodzi ndi masentimita 400, amene ndi mamita 4.

Mukakagula nokha mufunse bwino ngati akuyeza mamita kapena mayadi. Yadi imodzi ndi masentimita 91 ndi pang'ono, ndiye mayadi 4 aperewera ndi masentimita oposa 30, ndipo pamenepo maluwa sakumananso.

Nsalu yakunja, mamita 4 pa 7,500 mita imodzi: 30,000
Nsalu yamkati, mamita 2 ndi theka pa 2,800: 7,000

Yamkatiyo ndi yotambalala masentimita 150 ndipo manja sadzakhala nayo, n'chifukwa chake yachepa.

ULUSI NDI TINA N'TINA

Ulusi anthu amauyesa waulere. Makina osoka msoko wowongoka amadya ulusi pafupifupi mamita awiri ndi theka pa mita iliyonse ya msoko, chifukwa pali ulusi wapamwamba ndi wa m'bobini. Misoko ya diresili, yakunja ndi yamkati, ikufika mamita 24, ndiye ulusi wake ndi mamita 60. Wakudya kwambiri ndi ovaloku, makina omanga m'mphepete kuti nsalu isamasomphoke ulusi. Amenewo amasoka ndi ulusi utatu ndipo amatha mamita 14 pa mita imodzi. M'mphepete mofunika kumanga ndi mamita 30, ulusi wake mamita 420.

Ulusi wobiriwira wofanana ndi nsalu yanu ndilibe, ndigula mpukutu watsopano wa 1,200. Sudzatha, koma wotsalawo ndidzakupatsani kuti batani likadzathothoka musadzasake mtundu wake. Wa ovaloku ndimagula mipukutu ikuluikulu yogwirira ntchito zambiri, ndiye ndangoikapo gawo lanu, 800.

Ulusi wonse: 2,000
Zipi yobisika ya masentimita 55: 1,500
Kansalu kolimbitsa khosi, lamba ndi mapeto a manja, theka la mita: 1,000
Mabatani 4 pa 200: 800
Kangowe ka pamwamba pa zipi: 200

Zogula zonse, nsalu ndi timeneti: 42,500

Zipi yotsika mtengo ilipo, koma sindiikako. Zipi yobisika ikaduka mano siikonzeka, imafuna kusula msoko wonse wakumsana pamodzi ndi nsalu yamkati.

MAOLA A NTCHITO

Kukuyezani ndi kumvana za kasokedwe: theka la ola
Kuchapa ndi kusita nsalu: theka la ola (nthawi youma sindiwerengera)
Kujambula pateni papepala malinga ndi miyezo yanu: maola 2
Kuyala nsalu, kukumanitsa maluwa ndi kudula: ola limodzi ndi theka
Kulumikiza mongogwiriza, kukuyesani koyamba ndi kukonza: ola limodzi ndi theka
Kusoka pamakina, matumba, manja ndi lamba: maola 5
Nsalu yamkati ndi zipi: maola 2
Mpendero wapamanja, mabatani ndi mabowo ake: ola limodzi ndi theka
Kusita komaliza ndi kukuyesani kachiwiri: theka la ola

Onse pamodzi ndi maola 15. Mwina mudabwa kuti pa maola onsewo makina akulira pafupifupi theka lokha. Ndi mmene ntchitoyi ilili. Diresi limakhala bwino kapena kuipa pa tebulo lodulira, lisanafike pa singano. Chiuno chanu ndi mahipi zikusiyana ndi masentimita 24, ndiye pateni yokonzeratu siingakukhaleni popanda kusiya kathumba kumsana. Ndijambula yanuyanu, ndipo ndidzaisunga. Mukadzafuna diresi lina la kasokedwe komweka maola awiri amenewo sadzakhalaponso.

Ola limodzi ndimawerengera 2,000. Nambalayi sindinaitole m'mwamba. Kuti pakhomo panga paziyenda ndimafuna 240,000 pa mwezi. Ndimakhala pa ntchito maola pafupifupi 200 pa mwezi, koma amene ndingalipiritse munthu ndi 120 okha. Enawo amathera kokagula zipangizo, kulandira anthu ofunsa mitengo amene sabweranso, kusesa, kuthira mafuta makina ndi kulemba makalata ngati ino. Mukagawa 240,000 ndi 120 mupeza 2,000.

Maola 15 pa 2,000: 30,000

Palinso zolipira za pamalo ogwirira ntchito: lendi, magetsi a ovaloku ndi ayironi, singano, mafuta a makina, choko, mapepala a pateni ndi kunoletsa sizasi. Pa mwezi zimakwana 72,000, ndiye pa ola limodzi ndi 600.

Maola 15 pa 600: 9,000

PHINDU

Zogula 42,500, ntchito 30,000, za pamalo 9,000. Diresi likundidya 81,500 ndisanapeze kalikonse kapamwamba. Pamenepo ndimaikapo 15 pa 100 iliyonse, zimene zikukwana 12,225. Ndachotsa 225, yatsala 12,000.

Mungafunse kuti phindu lachiyaninso pamene ntchito ndalipidwa kale. Funsolo n'loyenera. 30,000 ija ndi malipiro a manja anga, ngati amene ndikanapatsa telala wina ndikanamulemba ntchito, ndipo imathera kunyumba. 12,000 iyi imakhala pa ntchito pompano. Sizasi ikaterereka n'kuononga mkono umodzi, nsalu ina ndigula ndine, kwa inu sindidzabwera. Mukadzavala n'kuona kuti pakhwapa pakukoka, ndidzasula n'kusokanso osakulipiritsani. Mota ya makina ikapsa, kapena mwezi ukadutsa wopanda maoda, ndalama yake ndi yomweyi. Telala wosaika phindu amaoneka wachifundo mpaka tsiku limene makina ake afa ali ndi nsalu za anthu m'manja. Kupitirira 15 sindifuna, chifukwa pafupifupi theka la mtengowu ndi zinthu zongogula, ndipo sindiona chilungamo kukudulirani kwambiri pa nsalu imene sindinaluke ine.

Zogula: 42,500
Ntchito: 30,000
Za pamalo: 9,000
Phindu: 12,000
MTENGO WONSE: 93,500

NGATI MUKUFUNA UTSIKE

Mukabwera ndi nsalu yakunja nokha, ndichotsa 30,000 ndi phindu lake la 4,500, mudzalipira 59,000. Koma ikhale mamita 4 athunthu, chidutswa chimodzi, ndipo ndidzaiyala pamaso panu kuti tione ngati ili ndi banga kapena pong'ambika ndisanaichape.

Mpendero ndikhoza kusoka pamakina m'malo mwa pamanja. Zichotsa ola limodzi, mtengo ukhala 90,500. Msoko udzaoneka kunja, koma pa nsalu yamaluwa ngati iyi ndi ochepa amene angauone. Apa ndiye pamene ndingakulangizeni kudulapo.

Kuchotsa nsalu yamkati ya siketi kungatsitse mtengo kufika 84,100. Ndikuuzeni zoona, sindikukondwera nazo. Nsaluyi ndi yopyapyala, mukaima pakhomo dzuwa lili kumbuyo idzaonetsa miyendo, ndipo mudzafunabe kuvala china mkati.

Pa maola ojambula pateni ndi kukuyesani pokhapo sindingachepetse.

KALIPIRIDWE NDI MASIKU

Poyamba mupereke 42,500 yogulira zinthu. Malisiti ake ndidzakuonetsani, ndipo nsalu ikapezeka motsika kuposa 7,500 ndidzachotsa kusiyanako pa ndalama yotsala. Yotsalayo ndi 51,000, mudzapereka tsiku lotenga diresi mutalivala n'kukhutira.

Mtengowu ukhala chomwechi mpaka pa 17 Malichi. Likadutsa tsikulo ndiyenera kukafunsanso mtengo wa nsalu. Koma poti mukulifuna pa 29 Malichi, musadikire mpaka pamenepo. Ndikalandira ndalama yoyamba pofika pa 10, mudzabwera kudzayesa koyamba pa 18, kachiwiri pa 24, ndipo mudzatenga pa 26, kuti patsale masiku angapo ngati pali pokonza.

Kusintha kasokedwe ndi kwaulere ndisanadule nsalu. Ndikadula, chosintha chilichonse ndidzawerengera pa 2,600 ola limodzi, kuwonjezera nsalu ngati ifunika, ndipo ndidzayamba ndakuuzani ndisanagwire.

Pobwera pa 18 mutenge nsapato zimene mudzavale tsikulo ndi zamkati zomwezo, chifukwa zimasintha kutalika ndi kakhalidwe ka pachifuwa. Mpendero ndidzaulemba pa 24, diresi litagona usiku wonse lili chopachika, poti siketi yotambasuka imatsika pang'ono m'mbali ikalendewera. Tsiku limenelonso nsapatozo musaiwale.

Ndine wanu,
Telala wanu